Kalata yofunsira malo ku yunivesite ikangondandalika zochita, mwini wake amasowamo

Mwa makalata ofunsira malo ku yunivesite amene ophunzira amalemba koyamba, ambiri amafanana kalembedwe. Ndinali pulifekiti, ndinali mu kalabu ya sayansi, ndinali mu gulu la mtsutso, ndimayimba kwaya, ndimasewera mpira wamanja, ndinathandizapo kumalo osungira ana amasiye. Zonsezo n'zoona, ndipo wolembayo anazivutikira. Koma wowerenga akafika kumapeto amakhala atadziwa kumene mwanayo ankapezeka masana aliwonse, osadziwa mmene amaganizira kapena chifukwa chimene akufunira maphunziro amene wasankhawo. Kalata yotere siifuna kupukuta Chingerezi chake. Imafuna kuiphwasula n'kuimanganso, ndipo ntchito yaikulu imachitika cholembera chisanagwiridwe.

Ndikamba za kalata ya UCAS, bungwe limene limalandira mafomu a ofuna digiri yoyamba m'mayunivesite a ku Britain. Pa fomupo kalatayi imatchedwa personal statement. Kwathu ku Malawi kusankhira ophunzira ku mayunivesite aboma kumayendera mapointi a MSCE, choncho ambiri amakumana ndi kalata yamtunduwu koyamba pamene akufunsira malo kunja, kapena pamene mwana wawo amene akukulira ku Britain wafika chaka chomaliza cha sekondale. N'chifukwa chake ngakhale makolo ophunzira bwino amasowa pogwira akafuna kuthandiza.

Malire ake ndi awa. Kalata yonse isapitirire zilembo 4,000, kuwerengera ndi mipata yomwe ya pakati pa mawu, zomwe m'Chingerezi ndi mawu 600 kapena kupitirirako pang'ono. Kuyambira kwa olowa yunivesite mu 2026, kalatayi yagawidwa m'mafunso atatu. Loyamba likufunsa chifukwa chimene mukufunira maphunzirowo. Lachiwiri likufunsa mmene zimene mwaphunzira kusukulu zakukonzekeretserani. Lachitatu likufunsa zina zimene mwachita kunja kwa sukulu pokonzekera, ndi chifukwa chake zili zothandiza. Yankho lililonse liyenera kufika zilembo 350, koma mmene mugawire zotsalazo zili kwa inu. Kalata imodzi yomweyo imapita ku malo onse amene mwasankha, mpaka asanu, ndiye simutchulamo dzina la yunivesite iliyonse.

Mafunso atatuwa athandiza, koma sanachotse vuto la mndandanda. Alisamutsira ku funso lachitatu, kumene ophunzira amakhuthulira zonse zimene anachitapo kuyambira Folomu 1, n'kuiwala theka lachiwiri la funsolo, loti n'chifukwa chiyani zimenezo zili zothandiza.

Titenge chitsanzo chimodzi n'kuchitsata mpaka kumapeto. Mtsikana wa ku Chikwawa wamaliza A Level, masamu ndi fizikisi zili m'gulu la maphunziro ake, ndipo akufuna uinjiniya wa zomangamanga. Kalata yake ndi ya Chingerezi, koma pano ndiika m'Chichewa. Poyamba analemba motere:

"Kuyambira ndili mwana ndakhala ndikukonda uinjiniya. Ndinali wachiwiri kwa mkulu wa mapulifekiti, zomwe zinandiphunzitsa utsogoleri. Ndinali mlembi wa kalabu ya sayansi. Ndimayimba kwaya ndipo ndimasewera mpira wamanja, zomwe zandiphunzitsa kugwira ntchito ndi anzanga. Pa tchuthi ndinathandiza pomanga holo ya tchalitchi chathu. Ndine wolimbikira ndipo ndikufuna kutukula dziko langa."

Njira yofulumira yoonera vuto lake ndi iyi. Sindikizani kalatayo, tengani pensulo, ndipo pa chiganizo chilichonse funsani ngati mnzake wa m'kalasi akanatha kuchilemba osasintha liwu. "Ndakhala ndikukonda uinjiniya kuyambira ndili mwana" aliyense angalembe. "Upulifekiti unandiphunzitsa utsogoleri" pulifekiti aliyense angalembe. Chiganizo chilichonse chotero chilembeni mzere kunsi. M'ndime ili pamwambayi chimatsala chimodzi chokha, cha holo ya tchalitchi, ndipo nacho chatsala chifukwa choti chili ndi malo ake enieni, osati chifukwa chanena kanthu za iye.

Onaninso mawu akuti "zinandiphunzitsa". Amaoneka ngati wolemba wasinkhasinkha, koma kwenikweni wangomata dzina la khalidwe pa dzina la udindo. Wowerenga alibe choti aone ndi maso ake. Akungouzidwa kuti akhulupirire.

Tsopano ikani pepalalo pambali. Wothandiza, kaya ndi mphunzitsi, kholo kapena mchemwali wake, akhale naye pansi kwa mphindi 30 kapena 40, atenge zochita zija chimodzichimodzi, ndipo pa chilichonse afunse zinthu zochepa zomwezomwezo. Unaonapo chiyani chimene anzako sanachilabadire? Panali pati pamene unayenera kusankha chochita? Unkaganiza chiyani poyamba, ndipo chinakusintha maganizo n'chiyani? Utachoka pamenepo unakachitanso chiyani popanda wokutuma? Wothandizayo azilemba mayankho monga mmene akutulukira pakamwa, m'Chichewa ngati akucheza m'Chichewa, osawakongoletsa. Mwana akamayankha m'chinenero chimene amaganizira amanena zinthu zenizeni. Mukam'funsa m'Chingerezi cha m'kalasi amabwereranso ku mawu aja oloweza.

Mudzaona kuti zochita zambiri zimauma pa funso lachiwiri la wothandizayo. Za kwaya mtsikanayu akuyankha kuti amangoikonda basi. Za kalabu ya sayansi akuti ankalemba mayina a obwera. Palibe cholakwika pamenepo, kungoti mulibe nkhani. Koma atafunsidwa za holo ija akuyamba kulankhula mosaima. Ntchito yake inali yotunga madzi ndi kupatsira njerwa. Chimene chinam'gwira mtima si holo yatsopanoyo ayi, koma nyumba yakale ya pambali pake, imene khoma lake linali ndi mng'alu wochoka pa ngodya ya windo kutsikira pansi mopingasa. Anthu ankati omanga anaba simenti. Iye anakhulupirira zomwezo mpaka ataona kuti mng'aluwo sukhala chimodzimodzi chaka chonse. Anaika zizindikiro ziwiri za pensulo mbali ino ndi mbali inayo, n'kumayeza ndi rula akabwera ku tchuthi. Mu Okutobala unali mamilimita 6. Mu Febuluwale, mvula ili mkati, unali mamilimita 2. Kuchepa kwa simenti sikungatsegule ndi kutseka khoma motsatira nyengo.

Apa ndi pamene pali kalata yonse, ndipo m'kalata yoyamba ija zinali zitabisika m'mawu asanu ndi atatu okha. Zimachitika kawirikawiri chifukwa ophunzira amaganiza kuti chofunika ndi chimene chili ndi dzina ndi satifiketi. Kuyeza mng'alu ndi rula kulibe satifiketi, ndiye amakuona ngati masewera. Koma wosankha ophunzira a uinjiniya akufuna munthu amene amaona chinthu, n'kukayikira yankho limene aliyense wavomereza, n'kuyeza. Udindo wa upulifekiti sungamuonetse zimenezo.

Wothandiza apitirize kukumba. Utaona kuti si simenti, unaganiza chiyani? Akuti anaganiza za kutentha, poti m'fizikisi anaphunzira kuti zinthu zimafutukuka zikatenthedwa. Anawerengera ndi ΔL = αLΔT, njira yopezera mmene kutalika kwa chinthu kumasinthira kutentha kukasintha. Khoma la njerwa zootcha lotalika mamita 6, kutentha kukasintha ndi madigiri 20, limasintha kutalika osafika milimita imodzi. Iye ankaona kusintha kwa mamilimita 4. Ndiye yankho lachiwirili nalonso linagwa. Mmisiri wina wachikulire pa ntchitopo ndi amene anamuuza kuti ayang'ane pansi, osati pakhoma. Nyumbayo inamangidwa pa makande, dothi lakuda lija la ku Chigwa cha Shire limene limafufuma likamwa madzi n'kunyala likauma, mpaka kung'ambika ming'alu yolowa dzanja m'chilimwe. Iye anadula paipi ya pulasitiki pakati m'litali mwake, n'kudzaza mbali imodzi ndi makande onyowa, inayo ndi dothi lamchenga, zonse zotalika masentimita 15, n'kuziumika pamthunzi. Makande anafupika kufika masentimita 13. Lamchenga silinasinthe kwenikweni.

Ndime yolembedwanso ya funso loyamba ikhoza kumveka motere:

"Khoma la nyumba ina kwathu lili ndi mng'alu umene anthu amati unabwera chifukwa chochepa simenti. Nditauyeza ndinapeza mamilimita 6 mu Okutobala ndi mamilimita 2 mu Febuluwale, ndipo ndinazindikira kuti chimene chikuusuntha chimatsatira nyengo. Mmisiri wina anandilozera ku dothi. Nditaumika makande m'paipi ya masentimita 15 anafupika ndi masentimita 2, pamene dothi lamchenga silinasinthe. Chimene sindinathe kuyankha n'chakuti maziko ayenera kuzama bwanji, kapena kumangidwa motani, kuti nyumba ipirire dothi lotere pa mtengo umene banja wamba lingakwanitse. Funso limeneli ndi limene likundikokera ku uinjiniya wa zomangamanga."

M'ndimeyi mulibe mawu akuti "ndine wachidwi", "ndine wolimbikira" kapena "ndimakonda". Komabe wowerenga akuona chidwi, akuona kuleza mtima kwa munthu woyeza chinthu chimodzi miyezi ingapo, akuona munthu womvera mmisiri amene mwina sanapite patali ndi sukulu. Ndipo chifukwa chofunira maphunzirowo chachoka pa "kutukula dziko langa", chimene n'chachikulu mopitirira moti sichigwirika, n'kufika pa funso limodzi limene digiriyo ingam'thandizedi kuyankha. Chiganizo chovomereza zimene sanathe kuyankha ndimachiona ngati chofunika kuposa zonse m'ndimemo. Ophunzira amachiopa, amaganiza kuti chikuwaonetsa kufooka. Koma munthu amafunsira malo ku yunivesite chifukwa pali zimene sakudziwa, ndipo amene angatchule bwinobwino pamene nzeru zake zathera amaoneka kuti waganizadi.

Kuwerengera kwa kutentha kuja sikunatayike. Malo ake ndi funso lachiwiri. Pamenepo ophunzira ambiri amabwereza maphunziro awo ndi magiredi, pamene fomu ya UCAS ili kale ndi gawo lake la zimenezo, ndipo mphunzitsi amalembanso kalata yake ya umboni. Kubwereza n'kuwononga zilembo. Chofunika ndi kutenga mutu umodzi kapena iwiri ya m'kalasi n'kuonetsa mmene munaigwiritsira ntchito. Mtsikanayu angalembe kuti anayesa kufotokoza mng'aluwo ndi zimene anaphunzira za kufutukuka, kuti masamu ake anam'patsa nambala yochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene anayeza, ndi kuti anaphunzirapo kuyamba wayerekeza kukula kwa chinthu asanakhulupirire yankho. Akhoza kuwonjezera mutu wina wa masamu, ngati alidi ndi chonena pa iwo. Ngati anawerengapo buku kapena nkhani ina ya za dothi ndi maziko, aitchule pokhapokha ngati anganene mfundo imodzi imene anatolamo ndi zimene anachita nayo. Mndandanda wa mabuku ndi mndandanda ndithu, sukusiyana ndi wa makalabu.

Nanga upulifekiti, kwaya ndi mpira? Apa pamakhala kukangana, makamaka ndi makolo, amene anaona mwana akuvutikira zimenezi zaka zinayi. Maganizo anga ndi akuti m'funso lachitatu musunge ziwiri, mwina zitatu, ndipo chilichonse chilowe ndi chosankha chimodzi chimene mwanayo anapanga. Pa upulifekiti mtsikanayu atafunsidwa bwino anakumbukira kuti atsikana a Folomu 1 ankachedwa m'kalasi m'mawa uliwonse n'kumalangidwa. M'malo mowonjezera chilango, iye anaima pa mpope masiku angapo n'kuona kuti akuluakulu ankawapitirira pamzere wa madzi. Anakonza kuti magulu azitunga mosinthana nthawi. Zimenezi zimakwana m'ziganizo zitatu, ndipo zikuonetsa khalidwe lomwe lija la pa khoma: kufufuza gwero la vuto asanaweruze. Kalata imalimba pamene mbali zake zosiyana zikuonetsa munthu mmodzi yemweyo. Kwaya ndi mpira zingakhale m'chiganizo chimodzi chachifupi, kapena zichoke. Mayunivesite ena, monga Oxford, amalangiza kuti pafupifupi magawo 80 pa 100 a kalatayi akhale okhudza maphunzirowo, ndipo ngakhale kumene sanena nambala, kulemera kumakhala komweko.

Pogawa zilembo, kwa kalata ngati iyi ndingapereke pafupifupi 1,500 ku funso loyamba, 1,300 ku lachiwiri, ndi 1,000 ku lachitatu, n'kusiya 200 zosinthira pomaliza. Si lamulo. Wofunsira unamwino amene wagwirapo ntchito yosamalira odwala angafune malo ambiri pa funso lachitatu. Chachikulu n'chakuti mayankho atatuwa amawerengedwa pamodzi, ndiye nkhani imodzi isanenedwe kawiri. Ngati ili ndi mbali ziwiri, monga ya khoma ija, igaweni.

Pali njira zingapo zimene kukonzaku kumalakwikira, ndipo iliyonse ili ndi chizindikiro chake.

Yoyamba ndi kuchotsa mndandanda wa zochita n'kuikapo mndandanda wa makhalidwe. Mwana wauzidwa kuti aonetse umunthu wake, ndiye akulemba kuti ndi wachifundo, wodzipereka, wosataya mtima. Werengani mawu otamanda amene ali m'kalatamo. Pa lililonse funsani kuti chochitika chake chili pati. Ngati chilipo, liwulo silikufunikanso. Ngati palibe, liwulo lilibe choimirapo.

Yachiwiri ndi kusandutsa kalata kukhala nkhani ya mavuto. Ophunzira ochokera kwathu kuno amalangizidwa kawirikawiri kuti alembe za umphawi, za maliro, za kuyenda mtunda wautali kupita kusukulu, poganiza kuti azungu amva chisoni. Mavutowo ndi enieni ndipo sindikuwapeputsa. Ngati anasokoneza maphunziro, mphunzitsi angawafotokoze m'kalata yake ya umboni, kumene kuli malo ake. Koma m'kalata ya mwanayo, vuto lilowe pokhapokha ngati likutsogolera ku chimene iye anachita kapena kuganiza chokhudza maphunzirowo. Chizindikiro chake n'chosavuta: ngati mwafika pakati pa yankho loyamba ndipo wochita zinthu m'ziganizo zonse ndi mvula, matenda kapena anthu ena, mwanayo sanalowebe m'kalata yake. Njira ya ku America ndi yosiyanako. Nkhani ya pa Common App, fomu yofunsira malo m'mayunivesite ambiri a kumeneko, ndi ya mawu osapitirira 650 ndipo imalola za moyo wa munthu mokulirapo. Kutengera kalembedwe kameneko ku UCAS ndi kulakwitsa kofala.

Yachitatu ndi yathu kwambiri. Tinaleredwa kuti kudzitchula n'kudzitama, ndiye mwana amalemba "tinakonza", "tinaona", "gulu lathu linapambana". Wowerenga sangadziwe gawo lake. Mankhwala ake si kudzikweza, koma kunena zoona mwatsatanetsatane. Ngati munali anthu asanu ndipo inu munagwira mbali yoyeza, nenani kuti munali asanu ndipo inu munayeza. Mtsikana uja sananene kuti anamanga holo. Ananena za rula ndi paipi, ndipo mmisiri anam'patsa ulemu wake. Kulemba kotero sikuchotsa kudzichepetsa.

Yachinayi imachokera kwa othandiza. Amalume odziwa Chingerezi amatenga kalatayo n'kuibweza itadzaza mawu akuluakulu amene mwana wa zaka 18 sangawanene. Nthawi zina amachotsanso mamilimita aja poti akuoneka achibwana, n'kubwezeretsa "kutukula dziko". Wothandiza ntchito yake ndi kufunsa mafunso ndi kuloza pamene sipakumveka, osati kulemba ziganizo. Kuti mudziwe ngati mwapitirira malire, muuzeni mwanayo awerenge kalatayo mokweza. Pamene akupunthwa, kapena pamene sangafotokoze tanthauzo la liwu, chiganizocho si chake. Chimodzimodzi ndi kubwereka ziganizo m'makalata a pa intaneti kapena a mnzake wa chaka chatha. UCAS imayerekeza kalata iliyonse ndi ena amene inalandirapo, ndipo ikapeza kufanana kwakukulu imadziwitsa mayunivesite amene mwasankha.

Wina anena kuti mwana wake alibe nkhani ngati ya khoma ija. Nthawi zambiri imakhalapo, kungoti ndi yaing'ono ndipo ili kumene sanayang'ane: m'golosale ya mayi ake kumene anaona kuti katundu wina amatha msanga koma sabweretsa phindu, m'funso la m'kalasi limene linam'sowetsa tulo, m'wailesi imene anaimasula n'kulephera kuibwezera. Ikasowadi, musapeke. Ngati nthawi ilipo, mwanayo achite kanthu kenikeni tsopano, awerenge mutu umodzi mozama kapena ayese kanthu kakang'ono, n'kulemba zimene wapeza. Ndipo ngati pa mafunso onse aja palibe chimene chikumuyatsa pa maphunziro amene wasankha, mwina vuto si kalata. Mwina maphunzirowo anam'sankhira ndi ena, ndipo ndi bwino kuzidziwa fomu isanapite.

Pa nthawi, kukonza kotere kumafuna milungu itatu kapena inayi, chifukwa pakati pa kulemba ndi kulembanso pamafunika masiku oti kalata igone. Ofunsira ku Oxford, Cambridge, ndi maphunziro ambiri a udokotala wa anthu, wa mano ndi wa ziweto ayenera kutumiza pofika 15 Okutobala, pamene ena ambiri tsiku lawo limakhala mu Januwale. Lembani m'kompyuta mwanu kaye, kenako mukopere m'mabokosi a UCAS, ndipo muonenso chiwerengero cha zilembo momwemo, poti chimene chimagwira ntchito ndi cha m'bokosilo.

Kalata isanatumizidwe, ipatseni munthu amene samudziwa bwino mwanayo, aiwerenge kamodzi, muilande, ndipo mum'funse kuti mwanayu ndi wotani ndipo akufuniranji maphunzirowa. Akayankha kuti ndi wochita zambiri, mndandanda udakalimo. Akayankha kuti ndi uja woyeza mng'alu amene akufuna kudziwa za maziko pa makande, kalatayo yagwira. Kenako mwanayo asunge kope lake, chifukwa kumene amaitana ofunsira kuti akacheze nawo, mafunso ena amachokera m'kalata momwemo, ndipo mtsikana uja ayenera kukhala wokonzeka kufotokoza chifukwa chake anaumika dothilo pamthunzi osati padzuwa.